Makope a holoselo ya azakhali pa Ngabu: momwe ntchito yofufuza komwe ndalama ikuchokera ikuyendera

5 Meyi

Azakhali andipatsa makope onse a malonda kuyambira Novembala mpaka Epulo, pamodzi ndi katoni ya malisiti a kokapikula katundu ku Limbe. Akuti ndiwapezere makasitomala ndi katundu amene akusunga shopuyi. Amati iwo amadziwa kale pamtima, koma chikuwasowetsa tulo n'chakuti malonda akuyenda, pakhomo anthu sakutha, komabe likafika tsiku lokapikula ndalama imakhala yoperewera.

Shopu yake ndi holoselo yaing'ono. Imapikulitsa shuga, mafuta ophikira, fulawa, sopo, mchere, mpunga, zakumwa ndi tina ndi tina kwa eni magolosale ndi maokala a m'midzi yozungulira Ngabu, ena ochokera cha ku Miseu Folo, ena mpaka ku Sorgin ndi Bangula. Pa miyezi isanu ndi umodziyi zogulitsa zonse zakwana K90 miliyoni. Mwa ndalamazi, K10 miliyoni ndi ya anthu ongodutsa amene maina awo salembedwa. Yotsala, K80 miliyoni, ili ndi maina, ndipo ndi imene ndiyambire.

Njira imene nditsate ndi ija amati lamulo la 80 ndi 20. Limanena kuti m'bizinesi zambiri gawo lalikulu la ndalama, pafupifupi 80 pa 100 iliyonse, limachokera kwa anthu kapena katundu wochepa, pafupifupi 20 pa 100. Limatchedwanso ndi dzina la Vilfredo Pareto, katswiri wa zachuma wa ku Italy amene ankaphunzitsa ku Lausanne, ndipo cha m'ma 1896 anasonyeza kuti chuma chambiri m'dziko chimakhala m'manja mwa anthu ochepa. Amene analibweretsa m'mafakitale ndi m'mabizinesi ndi Joseph Juran wa ku America, m'ma 1940, ataona kuti katundu wambiri wowonongeka m'fakitale amawonongeka pa zifukwa zochepa zomwezomwezo. Si lamulo loti munthu angamangidwe nalo, ndi chizolowezi chabe cha manambala, ndiye sindikulowa m'makopemu ndi 80 ali kale m'mutu. Chimene chituluke ndi chomwecho.

9 Meyi

Sindinawonkhetse kalikonse. Masiku onsewa apita pa kukonza maina.

Mnyamata wapakauntala amalemba munthu mmene wamumvera tsiku limenelo. Kasitomala mmodzi wa ku Sorgin ali m'kope katatu: pena dzina lake, pena "bambo a Sorgin", pena dzina la wakabaza amene amamutuma. Ndikanawasiya choncho, munthu mmodzi wamkulu akanaoneka ngati anthu atatu apakatikati, ndipo mndandanda wonse ukananama. Tinakhala pabenchi ndi mnyamatayo madzulo atatseka, ine ndikuwerenga dzina, iye akunena mwini wake. Maina anali 83, anthu enieni atsala 60.

Ndachotsanso zinthu ziwiri. Choyamba ndi katundu amene azakhali amatengera kunyumba, yemwe amalembedwa m'kope lomwelo ngati wagulidwa. Chachiwiri ndi bambo wina amene anagula zambiri kamodzi kokha mu Disembala chifukwa cha ukwati wa mwana wake. Ameneyo ndamuika kwa ongodutsa, chifukwa ukwati subwera mwezi ndi mwezi.

12 Meyi

Mndandanda woyamba watuluka. Kachitidwe kake n'kosavuta, ngakhale ndi pensulo munthu atha kukwanitsa. Munthu aliyense umamuwonkhetsera zonse zimene wagula pa miyezi yonseyo. Kenako umawasanja kuyambira wogula kwambiri kutsika m'munsi. Ukatero umayamba kuphatikiza kuchokera pamwamba, woyamba ndi wachiwiri, kuwonjezapo wachitatu, n'kumaona kuti pa mzere uliwonse wafika pa gawo lanji la ndalama zonse. Ine ndagwiritsa ntchito tebulo la pakompyuta, kuyambira mzere wa 2: maina m'danga A, ndalama m'danga B, ndipo m'danga C ndaika izi n'kukokera pansi mpaka mzere wa 61:

```
=SUM(B$2:B2)/SUM(B$2:B$61)
```

Zotsatira zake ndi izi. Woyamba, mwini golosale yaikulu ya ku Bangula, wagula za K12 miliyoni yekha. Wachiwiri K9 miliyoni, wachitatu K8 miliyoni. Anthu atatu okha atenga K29 miliyoni, kutanthauza 36 pa 100 iliyonse. Ukatsika mpaka munthu wa nambala 12, amene ndi malire a 20 pa 100 ya anthu 60 aja, wafika pa K59 miliyoni, pafupifupi 74 pa 100. Anthu 48 otsalawo akugawana K21 miliyoni, ndipo 30 a pansi penipeni onse pamodzi agula za K6 miliyoni basi, theka la zimene wagula bambo wa ku Bangula uja.

Ndiye kwa ife ndi 74 ndi 20, osati 80 ndi 20, ndipo palibe chalakwika. Manambala awiriwa sayenera kukwana 100 akaphatikizidwa, chifukwa akuwerenga zinthu zosiyana: ina ikuwerenga ndalama, ina ikuwerenga anthu. Shopu ina itha kupeza 90 ndi 10, ina 60 ndi 30. Chofunika n'kuona kuti kupendekekako n'kwakukulu bwanji.

Nditawaonetsa, azakhali anatchula maina asanu oyambirira osayang'ana papepala, ndipo anakhoza onse. Chimene chinawadzidzimutsa ndi 30 a pansi aja. "Iwe, anthu amenewa ndi amene ndimakhala nawo tsiku lonse pakauntala. Ndalama yawo ndi imeneyi?" Ndi imeneyodi. Maso amawerenga nkhope zolowa pakhomo, ndipo nkhope zambiri ndi za ogula pang'ono. Wogula zambiri nthawi zina saoneka n'komwe, amangoimba foni.

14 Meyi

Lero sindinawerengere zatsopano. Ndimafuna ndimvetse chifukwa chake ndalama zapendekeka chonchi, chifukwa kungodziwa kuti zapendekeka sikutiuza choti tichite.

Chifukwa chachikulu chimene ndikuona m'makopemu n'chakuti ndalama ya kasitomala imabwera mochulukitsa, osati mophatikiza. Pali kangati amabwera, ndiye pali zochuluka bwanji amatenga akabwera, ndipo ziwirizi zimachulukitsana. Bambo wa ku Bangula amaoda kanayi pamwezi, ulendo uliwonse katundu wa pafupifupi K500,000, ndiye pamwezi K2 miliyoni. Mayi wa okala wa m'gulu la pansi lija amabwera kawiri pamwezi ndi K16,000 kapena K17,000, pamwezi K33,000. Pa kabweredwe amasiyana kawiri kokha. Pa katengedwe amasiyana ka 30. Koma ukachulukitsa, kusiyana kwawo kumafika ka 60. Paliponse pamene zinthu zingapo zikuchulukitsana chonchi, ochepa amene akwera pa zonse amawasiya anzawo kutali kwambiri.

Ndiye palinso zoti amene ali patsogolo amapitirirabe patsogolo. Golosale yokhala ndi mpamba wokwanira siisowa katundu, anthu amaizolowera, imagulitsa msanga, imabwerera msanga kudzaoda. Ikamaoda zambiri, azakhali amaichotserako mtengo ndi kuikongoza, ndiye imatha kugulitsa motsikirapo kuposa okala yoyandikana nayo. Mwa njira imeneyi ifenso tathandizira kukuza akuluakuluwa. Mayi wa okala uja mpamba wake umadyedwa pakhomo nthawi ya njala, ndipo Febuluwale akamatha amakhala akuyambiranso pamene anayambira.

Malo nawonso akulowapo. Pa anthu 12 apamwamba, 9 ali m'mphepete mwa msewu wa M1 kapena pamsika waukulu. Awiri mwa iwo amagulitsa kwa mabanja a anthu ogwira ntchito m'minda ya nzimbe cha ku Nchalo, kumene ndalama imabwera mwezi ndi mwezi, pamene wa kumudzi amadikira thonje, mapira kapena kugulitsa mbuzi. Ndipo wachiwiri pamndandanda si wogulitsa kwa odya okha ayi: iyenso amapikulitsa kwa maokala a kutsidya kwa Shire. Kumbuyo kwa dzina lake limodzi kuli timashopu tambiri timene ife sitidzationa.

19 Meyi

Katundu. Apa ntchito inavuta pa miyeso, chifukwa shuga yemweyo pena walembedwa mabelo, pena mapaketi, sopo pena makatoni pena madazeni. Komanso mitengo inasintha kangapo mkati mwa miyeziyi, ndiye pa katundu wamkuluyo ndawerenga zonse ziwiri, ndalama ndi kuchuluka kwake, kuti kukwera kwa mtengo kusaoneke ngati kukwera kwa malonda.

Mitundu ya katundu ilipo 140. Mitundu 10 yoyambirira yabweretsa K63 miliyoni pa K90 miliyoni ija, kutanthauza 70 pa 100. Shuga yekha K20 miliyoni, mafuta ophikira K15 miliyoni, kenako fulawa, sopo wochapira, zakumwa, mchere ndi mpunga. Mitundu 28, imene ndi 20 pa 100, yafika pa K77 miliyoni, pafupifupi 86 pa 100. Mitundu 112 yotsalayo, imene yadzaza mashelefu onse a kukhoma lakumanja, yabweretsa K13 miliyoni.

Katundu wapendekeka kuposa anthu, ndipo chifukwa chake n'chodziwikiratu: shuga ndi mafuta zimagulidwa ndi nyumba iliyonse ndipo zimatha msanga, pamene polishi wa nsapato mmodzi amatha chaka.

Mlamu wanga, mwamuna wa mwana wa azakhali, ataona pepalali ananena msangamsanga kuti tichotse mitundu 112 yonseyo, ndalama ipite ku shuga. Ndamupempha adikire kaye. Mndandanda uwu ukunena za ndalama yolowa m'kabati, sunanene kalikonse za phindu.

23 Meyi

Mndandanda wa phindu watha, ndipo wasintha nkhani yonse. Pa katundu aliyense ndatenga mtengo wogulitsira, ndachotsa mtengo wopikulira ndi thiransipoti yochokera ku Limbe, n'kuchulukitsa ndi kuchuluka kwa zimene zagulitsidwa. Phindu lonse, tisanachotse lendi, malipiro ndi magetsi, ndi K7.2 miliyoni.

Mitundu 10 yapamwamba ija, ya K63 miliyoni, yasiya K3.2 miliyoni yokha, pafupifupi K5 pa K100 iliyonse. Shuga wa K20 miliyoni wasiya K800,000. Katundu amene aliyense amadziwa mtengo wake sungamuikire phindu lalikulu. Ukangokweza belo la shuga pang'ono, munthu amawoloka msewu n'kukagula kwa mnzako. Mitundu 18 yapakati, ya K14 miliyoni, yasiya K1.4 miliyoni. Koma mitundu 112 imene mlamu amafuna kutaya yasiya K2.6 miliyoni, K20 pa K100 iliyonse. Pa zogulitsa ili ndi 14 pa 100 yokha, pa phindu ili ndi 36 pa 100. Yisiti, soda, mafuta odzola, malezala, mabatire, timapaketi ta zokometsera ndiwo: palibe amene amayenda mashopu atatu kufananiza mtengo wa lezala.

Pamenepa mlamu anatembenuka, akuti ndiye shuga ndi wachabechabe. Ayinso. Pali funso lachitatu, loti ndalama imene yagona mu katunduyo ikubereka zingati. Shuga amene amakhala m'sitolo nthawi iliyonse ndi wa pafupifupi K1 miliyoni, ndipo amatha n'kubwezeretsedwa pafupifupi ka 20 pa miyezi isanu ndi umodzi. Ndiye K1 miliyoni imeneyo yabereka K800,000, kapena kuti K80 pa K100 iliyonse yogona. Phindu la pa belo limodzi ndi lochepa, koma ndalama yake siikhala pansi. Komanso shuga ndi mafuta ndi zimene zimamubweretsa munthu pashopu. Akapeza shuga palibe, yisiti ndi malezala akagula komwe akapeze shugayo.

Mitundu 112 ija ndaigawa pawiri poyang'ana tsiku limene uliwonse unagulitsidwa komaliza. Mitundu 72 ikuyenda: muli ndalama yogona K2.5 miliyoni ndipo yabereka K2.4 miliyoni. Iyi ndi imene ikubereka kwambiri m'shopu yonse. Mitundu 40 yotsalayo ilinso ndi K2.5 miliyoni yogona, koma yabereka K200,000 yokha, K8 pa K100. Ndinakwera pampando kukaiona pashelefu yapamwamba. Makatoni a mafuta ena atsitsi achita fumbi moti ukalembapo ndi chala zimawerengeka, chokoleti china chinasungunuka ndi kutentha kwa Novembala n'kuumanso chopindika, ndipo timabotolo ta msuzi wa tomato tatsala miyezi iwiri kuti tithe ntchito. Zambiri mwa izi zinabwera chifukwa wogulitsa wina anati mukatenga makatoni asanu limodzi ndi laulere.

Ndalama imene azakhali amaisowa tsiku lokapikula, gawo lina lili pashelefu imeneyi.

28 Meyi

Ndabwerera kwa makasitomala, tsopano ndi diso la phindu, ndipo ndayamba ndi bambo wa ku Bangula.

Pa K12 miliyoni yake, pafupifupi zonse ndi shuga ndi mafuta. Zing'onozing'ono zija amakapikula yekha ku Blantyre. Phindu la pa katundu wake ndi K540,000. Azakhali amamuchotsera K1 pa K100 iliyonse, imene pa miyezi yonseyi yakwana K120,000. Katundu timamuperekera tokha, ndipo mbali yathu ya thiransipoti yakwana K180,000. Chotsala ndi K240,000. Pamwamba pa apo amalipira pakatha milungu itatu, ndipo poti amaoda mlungu ndi mlungu, nthawi iliyonse amakhala ali ndi ndalama yathu pafupifupi K1.4 miliyoni. Ndalama imeneyi ikuposa imene imakhala mu shuga yense wa m'sitolo.

Ndamufananiza ndi mayi wa nambala 7, amene ali ndi tiyirumu ndi kagolosale pafupi ndi msika wa ng'ombe pompano pa Ngabu. Wagula za K3.5 miliyoni: fulawa, yisiti, mafuta, masamba a tiyi, mkaka wa ufa, sopo. Phindu lake ndi K9 pa K100, yonse K315,000. Amalipira pompopompo, katundu amanyamula mwana wake panjinga, sanapemphepo kuchotseredwa. Mayi ameneyu akusiya ndalama yambiri m'shopu muno kuposa munthu amene amagula kuposa iye katatu ndi kupitirira.

Azakhali anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno." Koma anakana zoti bambo wa ku Bangula timusiye, ndipo ndikugwirizana nawo. Chifukwa cha oda yake timadzaza lole pochokera ku Limbe, ndipo lole yodzaza imatsitsa thiransipoti ya belo lililonse, kuphatikizapo mabelo amene timagulitsa kwa ena. Atachoka, phindu la pa shuga yense lingatsike. Zimenezi sizioneka pa mzere wake m'kompyuta, koma zilipo. Chofunika kukonza ndi mgwirizano wake, osati kumuthamangitsa.

Nditasanja anthu onse 60 potengera phindu, 12 apamwamba ali ndi 58 pa 100, ndipo atatu mwa iwo sanali m'gulu la 12 loyamba lija. Kupendekeka kukadalipo, koma kwachepa, ndipo maina asinthana malo.

2 Juni

Nkhani ya ngozi yake. Ngati anthu atatu akugwira 36 pa 100 ya malonda okhala ndi maina aja, ndiye kuti mmodzi akadwala, akasamuka kapena akapeza pena potchipa, shopu imamva mwezi womwewo. Ndipo ngongole nayo yapendekeka kuposa malonda: pa K4 miliyoni imene ili kunja lero, K3.1 miliyoni ili kwa anthu atatu omwewo.

Kuno kuchigwa pali china chowonjezera. Woyamba ali ku Bangula, wachiwiri amadalira maokala a kutsidya, wachitatu ali ku Sorgin. Onsewa madzi akasefukira amavutika nthawi imodzi. Tinaziona mu Januwale 2022 ndi namondwe wa Ana, pamene msewu wa M1 unaduka m'Chikwawa, tinazionanso mu Malichi 2023 ndi Freddy. Papepala ndi makasitomala atatu, koma pa nkhani ya madzi ali ngati mmodzi. Ndiye poyang'ana mndandanda sikokwanira kufunsa kuti akuluakulu ndi angati. Tifunsenso ngati chinthu chimodzi chingawagwetse onse pamodzi.

Apa ndi pamene 48 aja akupezera ulemu wawo. Ambiri ndi a pafupi, oyenda pansi kapena panjinga, olipira pompo. K21 miliyoni yawo imabwera pang'onopang'ono koma siidalira munthu mmodzi, ndipo amagula kwambiri katundu wa phindu lokwera uja. Komanso mayi wa nambala 7, malinga ndi kope lakale limene azakhali anandionetsa, anayamba ndi kugula fulawa wa makilogalamu asanu. Ukadula a pansi onse lero, wadula ndi amene akanadzakwera.

6 Juni

Tinakhala pansi atatu, azakhali, mlamu ndi ine, ndipo tagwirizana zoti tiyese.

Katundu tamugawa m'magulu atatu, monga amachitira m'masitolo akuluakulu, A, B ndi C. Gulu A ndi mitundu 10 ija. Imeneyi iziwerengedwa madzulo alionse potseka, ndipo uliwonse tauikira malire oti ukafika pamenepo tiziitanitsa wina. Kwa shuga tawerengera chonchi: mabelo amene timagulitsa patsiku timawadziwa, kuyambira kuimba foni mpaka lole kufika pamatenga masiku atatu, ndiye malire ndi shuga wa masiku atatu kuwonjezapo wa masiku awiri odzitetezera. Nyengo ya mvula odzitetezerawo tidzawonjezera, chifukwa lole ikhoza kugona ku Thabwa. M'makope ndapeza masiku 11 amene shuga kapena mafuta anatheratu, ndipo masiku amenewo malonda a shopu yonse ankatsika, osati a shuga okha. Gulu B, la katundu wapakati uja, liziwerengedwa Loweruka lililonse, gulu C, la zing'onozing'ono zija, kamodzi pamwezi. Kale mnyamata ankawerenga zonse mofanana kamodzi pamwezi, kutaya nthawi yofanana pa malezala ndi pa shuga.

Mitundu 40 yogona ija sitiitanitsanso. Imene ili pafupi kutha ntchito tigulitsa pa mtengo wopikulira, ina tiziika ngati banyira kwa ogula zambiri. Azakhali zinawawawa kugulitsa popanda phindu, koma anavomera nditawawerengera kuti K100 yotuluka pashelefu imeneyo ikalowa m'katundu woyenda ikhoza kubereka kakhumi kuposa pamenepo. Mitundu inayi taisiya dala ngakhale siyenda, chifukwa mayi wa tiyirumu ndi wachitatu uja amaifuna mwa apo ndi apo, ndipo sitikufuna apite kukaifuna kwina.

Za bambo wa ku Bangula azakhali anati alankhula naye okha, ndipo ife tisalowererepo. Akufuna kumupatsa kusankha: akalipira mkati mwa mlungu umodzi kuchotseredwa kuja kupitirire, akafuna milungu itatu agule pa mtengo wa aliyense. Amuuzanso mitengo yathu ya zing'onozing'ono, mwina n'kusiya kukazitenga ku Blantyre.

Mlamu anafunsa ngati tingachite chimodzimodzi mkati mwa 12 aja, kupezanso ochepa mwa ochepawo. Zimatheka, ndipo zaoneka kale: atatu mwa 12 ali ndi theka la ndalama ya gululo. Koma ndi anthu ochepa chonchi manambala sanenanso zambiri kuposa zimene azakhali akudziwa za munthu aliyense payekha. Njirayi imathandiza pamene maina kapena mitundu yachuluka moti mutu sungasunge.

20 Juni

Zimene zachitika pofika lero. Pa K2.5 miliyoni ya katundu wogona, tatulutsa K900,000, ndipo K150,000 yatayika ndithu, ndi chokoleti chija ndi zina zimene sitingagulitse munthu. Shuga ndi mafuta sizinatheko chiyambire kuwerenga madzulo. Mnyamata wapakauntala tsopano ali ndi pepala la maina 60 lomata pakhoma, aliyense ndi nambala yake, ndipo akulemba nambala m'malo mwa dzina.

Bambo wa ku Bangula sanasangalale. Mlungu woyamba sanaode, wachiwiri anaoda theka n'kulipira pa masiku asanu ndi atatu. Azakhali akuti tisamuthamangire, ndipo kuchotsera kuja anamupatsabe ngakhale anapitirira ndi tsiku limodzi.

Chimene chikundikayikitsa pa mndandanda wonsewu ndi nyengo. Novembala mpaka Epulo ndi miyezi ya mvula ndi njala, pamene wa kumudzi alibe ndalama ndipo malonda amatsamira kwa a pamsewu. Chiyambire kugulitsidwa kwa thonje, maokala a kumidzi ayamba kubwera ndi ndalama zooneka, ndipo m'milungu itatu ya Juni anthu awiri a m'gulu la 30 la pansi agula kale kuposa zimene anagula miyezi isanu ndi umodzi yonse ija. Kudula nzimbe kulinso mkati, ndiye a cha ku Nchalo nawo akwera. Ndikuganiza kuti 74 uja atsika m'chilimwe, koma ndi zingati tidzaona ndi makope.

Zotsala: kupitiriza kulemba ndi manambala mpaka kumapeto kwa Okutobala, n'kusanjanso mindandanda itatu yonse, wa zogulitsa, wa phindu ndi wa ngongole, pa chaka chathunthu. K10 miliyoni ya ongodutsa sindinaikhudze, ndipo ndapempha mnyamata kuti Lachisanu ndi Loweruka azilemba zimene iwo akugula pa tsamba lapadera. Malire a ngongole ya atatu apamwamba aja azakhali akuti tidzakambirane Novembala asanafike, mvula isanayambe.